Timalembo tachilendo ta m'dikishonale: njira iti ingakuthandizeni kutchula bwino mawu a Chingerezi?

Kwa zaka zambiri mawu akuti *determine* ndinkawatchula kuti "ditamaini", ndipo palibe ankandidzudzula chifukwa anzanga onse ankatchula chimodzimodzi. Sikunali kupusa ayi. Kumapeto kwa mawuwo kuli *mine*, ndipo aliyense amadziwa kuti *mine* ndi "maini". Nanga si *undermine* amathera ndi "maini" yemweyo? Tsiku lina ndikufufuza tanthauzo la mawu ena oyandikana nawo, maso anga anagwera pa timalembo tija timakhala pakati pa timizere tiwiri topendekeka, tomwe ndinkangotidumpha kuyambira ndili ku sekondale. Panali palembedwa /dɪˈtɜːmɪn/. Sindinkadziwa kuwerenga chilichonse pamenepo, komabe chinthu chimodzi chinaoneka poyera: kumapetoko kunalibe "ai". Kunali ka i kamodzi, kakafupi.

Kuyambira pamenepo ndayesa njira zingapo zopezera katchulidwe ka mawu amene sindinawamvepo, ndipo ndaona kuti sizilingana, makamaka kwa ife amene tinayamba kuwerenga ndi a, e, i, o, u. Njira imene Mmereka amaiona yosavuta ndi imene imatisocheretsa kwambiri ifeyo. Tiyeni tiziyese zonse pa mawu omwewa, *determine*, tione kumene iliyonse ikutifikitsa.

Zizindikiro za IPA

Timalembo ndinationa tija ndi ta alifabeti imene akatswiri a kamvekedwe ka mawu amagwiritsa ntchito padziko lonse, yodziwika ndi dzina lachidule loti IPA. Inayamba ndi kagulu ka aphunzitsi a zilankhulo kamene kanakhazikitsidwa ku Paris mu 1886 motsogozedwa ndi Paul Passy, ndipo alifabetiyo inasindikizidwa koyamba mu 1888. Cholinga chawo chinali chimodzi: liwu lililonse likhale ndi chizindikiro chakechake chosasinthasintha. Daniel Jones anaigwiritsa ntchito m'dikishonale yake ya katchulidwe ka Chingerezi ya mu 1917, ndipo madikishonale olembera anthu ophunzira Chingerezi ngati chilankhulo chachiwiri anatsata njira yomweyo. Mukatsegula Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene mizu yake ndi buku la A. S. Hornby la m'ma 1940, kapena ya Cambridge, kapena ya Longman, mupeza zizindikiro pafupifupi zofanana.

Anthu ambiri amachita nazo mantha poganiza kuti ayenera kuloweza alifabeti yatsopano yonse. Zoona zake n'zakuti Chingerezi cha ku Britain chimene madikishonalewa amafotokoza amachiwerengera maliwu 44: opanda liwu 24 ndi a liwu 20. Mwa 24 aja, ambiri amalembedwa ndi malembo amene mukuwadziwa kale: p, b, t, d, k, g, f, v, s, z, m, n, h, w, l, r. Ubwino wina ndi wakuti IPA imawerengedwa ngati mmene timawerengera Chichewa. Chizindikiro /iː/ ndi i wathu wokoka, /uː/ ndi u wokoka, /e/ ali pafupi ndi e wathu, ndipo /aɪ/ ndi "ai" basi. Mngerezi amene anazolowera kuti lembo i limamveka "ai" amavutika nazo zimenezi kuposa ife.

Mwa opanda liwu, otsala achilendo ndi ochepa, ndipo ena ndi abale athu amene angovala zovala zina. /ʃ/ ndi sh wa mu "shuga". /tʃ/ ndi tch wa mu "tchire". /dʒ/ ndi j wathu wa mu "jekete". Chimene chimapusitsa aliyense poyamba ndi /j/, chifukwa mu IPA chimaimira y, osati j. Choncho *use* amalembedwa /juːz/, ndipo muwerenge "yuuz". Koma chimene ndimachikonda kwambiri ndi /ŋ/, chifukwa pamenepa Mchewa amaposa ophunzira a m'mayiko ambiri. Ameneyu ndi ng' wa mu "ng'ombe". Onani mawu awiri awa amene m'maso amaoneka ofanana: *singer* ndi /ˈsɪŋə/ pamene *finger* ndi /ˈfɪŋɡə/. Oyambawo ali ndi ng' wa "ng'ombe", achiwiriwo ali ndi ng wa "ngolo". Ambiri a ife timati "singa" ndi "finga" mofanana, chonsecho pakamwa pathu pali kale maliwu onse awiri. Timangosowa wotiuza kuti woimba nyimbo ndi "sing'a".

Tsopano tibwerere ku /dɪˈtɜːmɪn/. Musayambe ndi chizindikiro choyamba. Yambani mwafunafuna kamzere kakang'ono koimirira m'mwamba, aka ˈ. Kamasonyeza phatikizo limene muyenera kulitsindika, ndipo mu IPA kamakhala patsogolo pa phatikizolo. Apa kali patsogolo pa /tɜː/, ndiye mphamvu yonse ya mawuwa ili pakati: di-Tɜɜ-min. Ndikuti muyambire pamenepa chifukwa ndi pamene Chichewa chimatikokera kwina osadziwa. M'chilankhulo chathu phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi limene timalikoka: mu-NTHU sitinena, timati MUU-nthu, chi-MAA-nga, ndi-ku-PII-ta. Tikatenga mawu a Chingerezi timawonjezera i kapena u kumapeto, kenako n'kukoka phatikizo loyandikana nalo. N'chifukwa chake *develop*, amene ndi /dɪˈveləp/, amatuluka "diveLOOpu". Maliwu onse akhoza kukhala olondola, koma mphamvu ikagwera pena, womvera amene anazolowera Chingerezi china amayamba wadodoma kaye asanazindikire mawuwo.

Mukapeza kamzereko, werengani maphatikizo. Apa alipo atatu, osati anayi, ndipo omaliza amathera pa n, mlomo osawonjezera kanthu. Kenako onani chizindikiro cha liwu chimene chili m'phatikizo lotsindikalo. Pano ndi /ɜː/, chooneka ngati 3, ndipo timadontho tiwiri totsatira tikutanthauza kuti liwulo ndi lokoka. Liwu limeneli m'Chichewa mulibe, ndipo umboni uli m'mawu amene tinabwereka. *Shirt*, *skirt*, *nurse* ndi *curtain* onse ali ndi /ɜː/ yemweyu, koma makolo athu atawamva anapanga "shati", "siketi", "nesi" ndi "katani": pena a, pena e. Khutu linkamva chinthu chokhala pakati, n'kuchikankhira kumene kuli pafupi. Kuti mulitulutse, tsegulani pakamwa pang'ono, milomo isatambasuke ngati mukumwetulira komanso isazungulire, lilime ligone phee pakati, kenako tulutsani mawu ngati munthu amene akuganizira choyankha. Likokeni kwa kanthawi. Mukamva e weniweni ndiye kuti lilime lapita kutsogolo. Mukamva a ndiye kuti mwayasamula kwambiri.

Pali chizindikiro china chimene muyenera kuchidziwa ngakhale zina zonse mutaziiwala: /ə/, e wozondoka, amene akatswiri amamutcha shwa. Ndi liwu limene limamveka kawirikawiri kuposa ena onse m'Chingerezi. Ndi mng'ono wake wa /ɜː/, wamfupi ndi wofooka, ndipo amakhala m'maphatikizo osatsindika. Vuto lathu ndi lakuti m'Chichewa lembo la liwu lililonse timalipatsa ulemu wake wonse, pamene Chingerezi chimameza ambiri. Mu *develop*, o uja si o ayi, ndi shwa. Ndipo nthawi zina dikishonale imakuonetsani kuti phatikizo lonse lasowa: *vegetable* ndi /ˈvedʒtəbl/, *comfortable* ndi /ˈkʌmftəbl/. Werengani maphatikizo, mupeza atatu m'malo mwa anayi amene maso amaona.

Njira imeneyi ili ndi pofookera pake. Choyamba, imafuna kuti mukhale pansi masiku angapo ndi tsamba la zizindikiro, limene m'madikishonale ambiri a pepala limakhala mkati mwa chikuto kapena kumapeto. Chachiwiri, tsambalo limafotokoza chizindikiro ndi mawu a Chingerezi: /æ/ monga mu *cat*, /ʌ/ monga mu *cup*, /ɑː/ monga mu *father*. Ngati inu onse atatuwa mumawatchula ndi a mmodzi wa Chichewa, chitsanzocho sichinakuuzeni kanthu. Mwangodziwa kuti pali kusiyana, koma simunakumve. Chachitatu, zizindikiro za m'dikishonale sizilemba chilichonse chimene pakamwa pamachita. Mwachitsanzo, p, t ndi k wa Chingerezi akakhala koyambirira kwa phatikizo lotsindika amatuluka ndi kampweya, ngati ph, th ndi kh wathu. T wa mu *determine* ali pafupi ndi th wa "thumba" kuposa t wa "tate". Koma akatsatana ndi s, monga mu *stop*, kampweyako kamachoka. Dikishonale imangolemba /t/ konsekonse chifukwa kwa Mngerezi kusiyanako sikusintha tanthauzo, pamene kwa ife "kuponya" ndi "kuphonya" ndi zinthu ziwiri.

Chenjeraninso ndi chinthu china: si madikishonale onse a Oxford amene amalemba mofanana. Amene analembera eni chilankhulo, kuyambira m'ma 1990, anatsata kalembedwe ka Clive Upton, mmene /ɜː/ amalembedwa /əː/, /æ/ amalembedwa /a/, ndipo "ai" wa mu *mine* amalembedwa /ʌɪ/. Katchulidwe ndi komweko, zovala zokha n'zimene zasintha. Mukabwereka dikishonale ya mnzanu, yambani mwaona tsamba lake la zizindikiro.

Kalembedwe ka madikishonale a ku Amereka

Mukafufuza mawu pa foni, nthawi zambiri mumagwera pa Merriam-Webster, ndipo kumeneko *determine* walembedwa di-ˈtər-mən. Poyamba zimaoneka zosavuta chifukwa malembo ambiri ndi ozolowereka, ndipo shwa ndi kamzere kotsindika zilipo monga mu IPA. Komatu iyi si IPA. Ndi njira yawoyawo, yomangidwa pa mmene mwana wa sukulu wa ku Amereka amatchulira mayina a malembo. Lembo likakhala ndi kamzere kogona pamwamba limamveka monga dzina lake m'Chingerezi: ā ndi "ei", ē ndi "ii", ī ndi "ai". Ndiye *mine* amalembedwa ˈmīn. Mchewa amene sanaone tsamba la zizindikiro awerenga "miin", zimene ndi mawu ena, *mean*. Ndipo *mean* yemweyo amalembedwa ˈmēn, amene ife tiwerenga "meen". Mwaonatu, njirayi imatipotoza pamalo penipeni pamene IPA inatiwongola. Komanso j wawo ndi j weniweni ndipo y ndi y, mosemphana ndi IPA, choncho munthu wosinthasintha madikishonale akhoza kusokonezeka.

Pali msampha wina woopsa kuposa umenewu. Madikishonale ena a ku Amereka, monga American Heritage, amaika chizindikiro chotsindika kumbuyo kwa phatikizo, osati patsogolo. Kumeneko mawu athuwa amaoneka chonchi: dĭ-tûr′mĭn. Amene anazolowera IPA aona kachizindikiroko kali patsogolo pa "min" n'kutsindika kumapeto, chonsecho kakuloza "tûr". Pali njira yosavuta yodziwira mbali imene dikishonale yanu imaika: fufuzani mawu amene mukudziwa bwino pamene amatsindikidwa, monga *table* kapena *water*, muone ngati chizindikirocho chili koyambirira kwenikweni kapena pakati.

Sindikunena kuti madikishonale amenewa ndi oipa. Ngati mukukonzekera kukaphunzira kapena kukagwira ntchito ku Amereka, kapena mumalankhula ndi Amereka tsiku ndi tsiku, ndi abwino kwambiri, ndipo amaonetsa katchulidwe kangapo pamene anthu amasiyana. Koma dziwani kuti akukupatsani Chingerezi chimene chimatchula r paliponse pamene walembedwa. Chathu cha kuno, chotsata cha ku Britain, r wa mu *determine*, *nurse* kapena *car* sichimutchula. Ndipo poti l ndi r amativuta kale, palibe chifukwa chodzisenzetsa ma r owonjezera. Kupatula apo, madikishonale a ophunzira ndatchula aja amapereka katchulidwe ka mbali zonse ziwiri mu IPA yomweyo: /dɪˈtɜːmɪn/ kwa a ku Britain, /dɪˈtɜːrmɪn/ kwa a ku Amereka. Ndi mwala umodzi mwapha mbalame zonse.

Kulemba mawu monga akumvekera, ndi malembo wamba

Njira yachitatu ilibe zizindikiro zachilendo. Mawu amaduladula m'maphatikizo, lotsindika n'kulilemba ndi malembo akuluakulu kapena akuda kwambiri: dih-TUR-min. Mumaiona m'nyuzipepala, m'mabuku ena a sukulu ndi m'masamba ambiri a pa intaneti. Pa nkhani yotsindika, palibe njira yoiposa. Diso limangoona nthawi yomweyo pamene pali mphamvu.

Pa maliwu ndiye ayi. Njirayi imayembekezera kuti owerenga ndi munthu amene Chingerezi anayamwira, amene akaona "ur" amamva liwu la mu *fur*, akaona "uh" amamva shwa kapena liwu la mu *cup*, akaona "ay" amamva "ei", akaona "eye" amamva "ai". Ife tikaona TUR timawerenga "tu", n'kupanga "ditumini". Tikaona "uh" timati u. Ndinamvapo munthu akutchula *about* ngati "ubauti" ataona uh-BOWT, ndipo sanalakwe kuwerenga, anangowerenga m'Chichewa zinthu zolembedwera Mngerezi. Ine njira imeneyi ndimaitenga ngati chikwangwani cha pamsewu: ndimaonapo pamene pali phatikizo lotsindika ndi chiwerengero cha maphatikizo, zinazo ndimakafunsa kwina.

Kadinidwe ka sipika

Wina anena kuti, nanga kuvutikiranji ndi zonsezi pamene madikishonale a pa intaneti ali ndi kachithunzi ka sipika koti ukadina umamva munthu akutchula? Funso labwino, ndipo kadinidweko ndimakagwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse. Ndi kokhako kamene kangakumvetseni /ɜː/ weniweni, chinthu chimene pepala silingathe. Zoti pamafunika bandulo ndi netiweki ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi lina limene ambiri saliganizira: khutu nalo lili ndi chilankhulo chake.

Yesani izi. Mverani *hat*, *hut* ndi *heart* motsatizana. Kwa ambiri a ife onse atatu amamveka "hati", chifukwa ubongo umatenga liwu lililonse n'kuliponya m'dengu limodzi mwa madengu asanu amene tinakula nawo. Mukhoza kumvera kakhumi, n'kubwereza kakhumi, n'kukhutira kuti mwatchula ndendende, chonsecho mwatulutsa a wanu wakale. Koma mukaona /hæt/, /hʌt/ ndi /hɑːt/ zitalembedwa, diso limauza khutu kuti pali zinthu zitatu apa, funafuna. Mukamveranso mumayamba kuzindikira kuti woyambayo pakamwa patambasuka ndipo wapendekera kwa e, wachiwiri ndi wamfupi wongodumpha, wachitatu ndi wokoka wochokera kukhosi. N'chimodzimodzi *ship* ndi *sheep*, kapena *full* ndi *fool*.

Kunena zoona, pa *determine* sipika yokha ikanandithandiza, chifukwa kusiyana kwa "main" ndi "min" khutu la Mchewa limakumva bwinobwino. Pamene sipika imalephera ndi pa maliwu amene kwathu kulibe, ndi pa maphatikizo omezedwa, amene amadutsa mwachangu moti sudziwa ngati analipo kapena ayi. Chinanso, mawu ojambulidwawo amangodutsa. Simungawalembe m'mphepete mwa pepala limene mukawerenge pamsonkhano mawa. Ndipo samalani kuti mwadina sipika ya mawu oyenera. Mawu ena amasintha katchulidwe malinga ndi ntchito yawo: *record* akakhala dzina ndi /ˈrekɔːd/, akakhala mneni ndi /rɪˈkɔːd/. Madikishonale amawalemba padera, aliyense ndi sipika yake, ndipo wothamanga amangodina woyambayo.

Kudzilembera m'Chichewa

Iyi ndi njira imene tonse tinayamba nayo, ndipo sindiinyoza. Mawu amene analowa m'Chichewa kudzera m'khutu nthawi zambiri amakhala pafupi ndi katchulidwe koona kuposa amene timawerenga ndi maso. "Kwaya" ali pafupi kwambiri ndi /ˈkwaɪə/, ngakhale kalembedwe ka *choir* sikangakuuzeni zimenezo. "Lisiti" alibe p, monganso katchulidwe ka *receipt*, /rɪˈsiːt/, kalibe. Koma "pulambala" akuoneka kuti anadzera m'maso, chifukwa b ameneyo eni ake samutchula: *plumber* ndi /ˈplʌmə/.

Kudzilembera m'Chichewa kumathandiza ngati chikumbutso, mutamaliza kufufuza. Choipa chake n'chakuti dzanja limakana kusiya mawu akuthera pa lembo lopanda liwu, ndiye limawonjezera i, ndipo tikatero takokeranso mphamvu pamalo olakwika. Komanso th wathu si th wa Chingerezi. Mukalemba "think" m'kope lanu la Chichewa, mawa mudzawerenga ndi th wa "thumba". Chingerezi chili ndi maliwu awiri pamenepa, /θ/ wa mu *think* ndi /ð/ wa mu *this*, onse otuluka nsonga ya lilime itakhudza mano akutsogolo a m'mwamba, mpweya ukudutsa mosadukiza. Woyamba alibe kunjenjemera pakhosi, wachiwiri ali nako. Malembo athu alibe polembera zimenezi. Chimene ine ndimachita ndi kusakaniza: ndimalemba m'Chichewa, phatikizo lotsindika ndi malembo akuluakulu, koma pamene pali liwu lachilendo ndimasiya chizindikiro cha IPA momwemo, ndipo kumapeto ndimaika kadontho kondikumbutsa kutseka pakamwa. *Determine* m'kope langa ndi di-THɜɜ-min. basi.

Ndiye musankhe iti?

Ine ndimaima pa dikishonale ya ophunzira yokhala ndi IPA, sipika n'kukhala mboni. Dongosolo lake ndi lofunika: werengani zizindikiro kaye, yesani kutchula mokweza, kenako mverani, muone pamene mwasiyana ndi wolankhulayo. Mukayamba ndi kumvera, khutu limagamula mlandu diso lisanapereke umboni. Amene ali ndi dikishonale ya pepala yokha asadandaule, chifukwa zolakwa zathu zikuluzikulu, zimene zimachititsa womvera kufunsa kuti mwati chiyani, ndi zitatu, ndipo zonse pepala limazigwira: kutsindika malo olakwika, kutchula malembo osamveka, ndi kuwonjezera maphatikizo. Kusiyanitsa /æ/ ndi /ʌ/ kungadikire. Munthu wolankhula ndi maliwu asanu a Chichewa koma wotsindika pamalo oyenera amamveka bwino kulikonse, ndipo palibe akufuna kuti mumveke ngati wobadwira ku London.

Tiyese pa mawu ena amene mungakumane nawo m'nyuzipepala, *jeopardise*, otanthauza kuika chinthu pachiswe. Diso la Mchewa likuona "jiyopadaizi", maphatikizo asanu kapena asanu ndi limodzi. Dikishonale ikuti /ˈdʒepədaɪz/. Kamzere kali koyambirira kwenikweni, ndiye mphamvu ili pa phatikizo loyamba. Maphatikizo alipo atatu. Ya Cambridge imachita kuika timadontho powalekanitsa, /ˈdʒep.ə.daɪz/. /dʒ/ ndi j wathu, /e/ ndi e wathu, choncho loyamba ndi JEP, ndipo o uja wasowa osasiya ndi phazi lomwe. Pakati pali shwa, ndiye musanene "pa" wodzaza, ingodutsanipo mopepuka, r osamutchula. Lomaliza ndi /daɪz/, "daiz", lothera pa z ngakhale palembedwa s, ndipo mlomo uime pomwepo. JE-pə-daiz. Mukanakhala pa Merriam-Webster mukanapeza mawuwa atalembedwa *jeopardize*, ndi z, katchulidwe kake ˈje-pər-ˌdīz. Mukanayenera kukumbukira kuti j wakeyo ndi j, kuti ī ndi "ai", ndiponso kuti kamzere kam'munsi ako patsogolo pa "dīz" kakusonyeza kutsindika kwachiwiri, kocheperako, kumene sikuyenera kuposa koyamba kuja.

Tsopano dinani sipika. Mukamva kuti wolankhulayo wamaliza inu mukadali pa "dai", ndiye kuti shwa uja mwamupatsa mphamvu yambiri, kapena i wa Chichewa wazemberanso kumapeto. Ikani chala pansi pa chibwano, mutchulenso pang'onopang'ono: chibwano chitsike katatu, osati kanayi.